Mndandanda wa Maakaunti: Kugawa ndi Kuika Manambala m'Buku la Bizinesi ya Nkhuku

Ambiri amene amamaliza maphunziro athu sapeza munda waukulu nthawi yomweyo. Amabwerera ku makomboni a mu Lusaka, ndipo bizinesi imene amayamba nayo kawirikawiri ndi ya nkhuku zanyama, chifukwa khola la anapiye 200 limakwanira kuseli kwa nyumba ndipo ndalama zimabwerera pakatha masabata asanu ndi limodzi. Pafupifupi onse amagula kabuku kolembamo ndalama. Koma tikawachezera n'kutsegula mabukuwo, timapeza mzere umodzi wautali: anapiye, ndiwo za pakhomo, chakudya cha nkhuku, ngongole, nsapato za mwana, katemera. Zonse zinalembedwa mokhulupirika, koma bukulo silingayankhe funso loyamba la mwini wake, lakuti kodi nkhukuzi zapindula kapena ayi.

Chimene chimasowa m'mabuku otere ndi mndandanda wa maakaunti. Akaunti ndi tsamba limodzi la buku limene timasonkhanitsapo zinthu za mtundu umodzi, monga ndalama zonse zogulira chakudya cha nkhuku. Mndandanda wa maakaunti ndi pepala limene likutchula masamba onsewo, lililonse ndi dzina lake ndi nambala yake, m'dongosolo losasintha. Umalembedwa bizinesi isanayambe, monga momwe mlimi amamangira nkhokwe ya chimanga ndi ya mtedza asanakolole. M'phunziro lino tikonza mndandanda wa mlimi wa ku Chawama amene akuyamba ndi anapiye 200, kenaka tiuyesa pa gulu lake loyamba la nkhuku. Mitengo imene tigwiritse ntchito ndi yongophunzirira. Inu muikemo ya kumsika kwanu.

Yambani ndi mafunso

Musanalembe dzina la akaunti iliyonse, lembani mafunso amene mudzafune kuti buku likuyankheni pakutha kwa gulu la nkhuku. Mlimi wathu wa ku Chawama ali ndi mafunso asanu. Kodi nkhuku imodzi yandidyera ndalama zingati kufika tsiku logulitsa? Kodi gulu lonse lasiya phindu lotani? Ndani ali ndi ndalama zanga? Ine ndili ndi ndalama za yani? Kodi pakhomo patenga zingati m'bizinesi?

Lamulo lake ndi ili: akaunti imatsegulidwa pokhapokha ngati ikuthandiza kuyankha funso limene lingasinthe zochita zanu. Chakudya cha nkhuku chimayenera tsamba lakelake chifukwa ndicho chimadya gawo lalikulu la ndalama zoweta nkhuku zanyama, ndipo mtengo wake ukakwera mumafunika kudziwa msanga. Machesi oyatsira mbaula sayenera tsamba lawolawo, chifukwa palibe chimene mungasinthe mutadziwa chiwerengero chake.

Mabanja asanu ndi limodzi

Chinthu chilichonse chimene chimachitika m'bizinesi chimagwa m'limodzi la mabanja asanu: chuma, ngongole, za mwini, zolowa ndi zotuluka. Kwa mlimi timagawa zotuluka pawiri, kotero mabanja amakhala asanu ndi limodzi. Banja lililonse timalipatsa nambala imodzi, kuyambira 1 mpaka 6.

Banja 1 ndi chuma, kutanthauza chilichonse chimene bizinesi ili nacho lero: ndalama, zipangizo, chakudya chotsala m'matumba, ndiponso ndalama zimene anthu ena ayenera kubweza kwa inu. Banja 2 ndi ngongole, ndalama zimene bizinesi iyenera kulipira kwa ena. Banja 3 ndi za mwini: mpamba umene munaika, zimene mwatengamo, ndi phindu limene mwasiya m'bizinesi. Mabanja atatu amenewa amakhalapobe chaka ndi chaka, ndipo amamangidwa ndi lamulo limodzi: chuma chonse chiyenera kufanana ndi ngongole kuphatikiza za mwini.

Banja 4 ndi zolowa, zimene bizinesi yapeza pogulitsa. Banja 5 ndi zotuluka zimene zimatsatira nkhuku zenizenizo. Mukaonjezera anapiye zimakwera, mukasiya kuweta zimaima. Banja 6 ndi zotuluka zimene zimabwera ngakhale khola lili lopanda kanthu, monga lendi ya malo. Mabanja atatu achiwiriwa amawerengedwa pa nyengo imodzi, gulu limodzi la nkhuku kapena chaka chimodzi, ndipo nyengo ikatha amayambiranso pa ziro. Kuchotsa banja 5 pa banja 4 kumatipatsa chotsala cha nkhuku, chimene chimasonyeza ngati tikuweta bwino. Kuchotsanso banja 6 kumatipatsa phindu lenileni, limene limasonyeza ngati bizinesi yonse ikudzilipira.

Kugawa zotuluka pawiri kuli ndi chifukwa. Alimi awiri angakhale ndi phindu lochepa mofanana, koma wina vuto lake lili m'khola, kumene nkhuku zikutaya chakudya kapena kufa, pamene wina akuweta bwino koma lendi ndi mayendedwe zamukulira. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana, ndipo buku limene linaphatikiza zonse silingawasiyanitse.

Kuika manambala

Bizinesi yaing'ono imakwanira ndi manambala a malo atatu. Malo oyamba amatchula banja. Aliyense woona 512 adziwa nthawi yomweyo kuti ndi chotuluka chotsatira ziweto, ngakhale asanawerenge dzina lake. M'mabanja 4 ndi 5, malo achiwiri amatchula nthambi ya ulimi: tiika 1 kukhala nkhuku zanyama. Motero zolowa za nkhuku zimayamba ndi 41 ndipo zotuluka zake zimayamba ndi 51. M'mabanja enawo timadumpha khumikhumi, 110, 120, 130, kuti pakhale mpata woika akaunti yatsopano pakati popanda kusokoneza zakale. M'banja la chuma timayamba ndi chimene chili ndalama kale, n'kumatsika mpaka ku chimene chingatenge nthawi kuti chisanduke ndalama.

Nawu mndandanda wa mlimi wathu.

1 Chuma
110 Ndalama za m'bokosi
120 Ndalama za pa foni
130 Ndalama za ku banki
140 Ogula amene sanalipire
150 Chakudya ndi nkhuku zotsala
160 Zipangizo
169 Kutha kwa zipangizo kufikira lero

2 Ngongole
210 Ogulitsa amene sitinawalipire
220 Ngongole ya ku gulu losunga ndi kubwereketsa
230 Msonkho ndi zopereka zosalipidwa

3 Za mwini
310 Mpamba
320 Zotenga mwini
330 Phindu losiyidwa m'bizinesi

4 Zolowa
411 Kugulitsa nkhuku
412 Kugulitsa manyowa
419 Nkhuku zodyedwa pakhomo

5 Zotuluka zotsatira ziweto
511 Anapiye
512 Chakudya cha nkhuku
513 Katemera ndi mankhwala
514 Makala ofunditsira anapiye
515 Utuchi

6 Zotuluka za bizinesi yonse
610 Lendi ya malo
620 Madzi ndi magetsi
630 Mayendedwe
640 Foni ndi ndalama zodulidwa potumiza
650 Chiwongoladzanja
660 Kutha kwa zipangizo m'nyengo ino
670 Ziphaso ndi msonkho wa pamsika
680 Malipiro a antchito
690 Zina zazing'ono

Maakaunti onse ndi 30, ndipo akukwanira pa tsamba limodzi. Limateni m'kati mwa chikuto cha buku. Ena, monga 130 ndi 680, akhala opanda kanthu poyamba, koma malo awo asungidwa kale.

Manambala awiri pa mzere uliwonse

Mndandanda umagwira ntchito pamene chochitika chilichonse chapatsidwa manambala awiri: kumene chachokera ndi kumene chapita. Njira imeneyi ndi yakale. Amalonda a ku Italy ankaigwiritsa ntchito kale pamene Luca Pacioli anailongosola m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494. Inu simufunika mawu ovuta. Jambulani mizere isanu m'buku la tsiku ndi tsiku: tsiku, chimene chachitika, ndalama, zachokera ku, zapita ku.

Mlimi wathu akuyamba ndi K14,000 imene anasunga yekha. Yachokera ku 310, yapita ku 110. Wabwereka K6,000 ku gulu losunga ndi kubwereketsa la kwawo. Yachokera ku 220, yapita ku 110. Wagula zomwera, zodyera, mbaula ndi wilibala pa K2,400. Yachokera ku 110, yapita ku 160. Asanagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe, ali ndi K17,600 m'bokosi ndi zipangizo za K2,400, zonse pamodzi K20,000, ndipo zikufanana ndi ngongole ya K6,000 kuphatikiza mpamba wa K14,000. Onani kuti mabanja 4, 5 ndi 6 sanakhudzidwe. Sanapindule kanthu, sanataye kanthu.

Gulu loyamba la nkhuku

Nyengo yathu ndi miyezi iwiri: masabata asanu ndi limodzi oweta, ndi masabata awiri ogulitsa, kutsuka khola ndi kulisiya kuti lipume. Anapiye 200 pa K20 mmodzi ndi K4,000, ku 511. Nkhuku yanyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufika pogulitsidwa, kotero gulu lonse ladya matumba 16 a makilogalamu 50, kuphatikiza sitata, gulowa ndi finisha. Pa K600 thumba limodzi, ndi K9,600, ku 512. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro pamodzi ndi mavitamini watenga K500, makala K600, utuchi K300. Banja 5 lonse lafika K15,000.

Nkhuku 10 zinafa, 190 zinakula. Apa funso loyamba layankhidwa: K15,000 kugawa kwa 190 ndi pafupifupi K79 pa nkhuku imodzi. Nkhuku zakufazo sizifuna akaunti ya ndalama, chifukwa zimene zinadya zili kale mu 511 ndi 512. Chiwerengero chake chilembedwe pa khadi la khola.

Pa nkhuku 190, 160 zinagulitsidwa pa K120 n'kulipiridwa pomwepo, ndalama zina pamanja, zina pa foni: K19,200 kuchokera ku 411 kupita ku 110 ndi 120. Nkhuku 25 zinatengedwa pa ngongole ndi mayi wophika nsima pamsika: K3,000 kuchokera ku 411 kupita ku 140. Nkhuku 5 zinadyedwa pakhomo: K600 kuchokera ku 419 kupita ku 320, pa mtengo womwewo wa kumsika. Manyowa anagulitsidwa K400 kwa olima ndiwo zamasamba, ku 412. Banja 4 lonse ndi K23,200, ndipo chotsala cha nkhuku ndi K8,200.

Banja 6 linali motere: lendi K1,000, madzi ndi magetsi K500, mayendedwe otuta chakudya ndi anapiye K600, foni K200, chiwongoladzanja K300, msonkho wa pamsika K100. Zipangizo za K2,400 tikuyembekeza kuti zikhala miyezi 24, kotero mwezi uliwonse zimatha ndi K100. M'miyezi iwiri ndi K200, kuchokera ku 169 kupita ku 660. Banja 6 lonse ndi K2,900. Phindu lenileni ndi K5,300.

Tsopano mlimi akuwerenga ndalama za m'bokosi ndi za pa foni, n'kupeza K15,500. Anayamba ndi K17,600. Amene alibe mndandanda amaona kuti ndalama zatsika ndi K2,100, n'kunena kuti nkhuku zilibe phindu, mwinanso kuleka kuweta. Koma mabanja 1, 2 ndi 3 akusonyeza kumene phindu lapita. Akaunti 140 ili ndi K3,000 imene idakali kwa mayi wa pamsika. Akaunti 320 ili ndi K3,100: nkhuku zisanu zija ndi K2,500 imene inatengedwa kukagulira ufa ndi zofunika za ana kusukulu. Akaunti 220 yatsika kuchoka pa K6,000 kufika pa K4,500, chifukwa K1,500 yabwezedwa ku gulu.

Tiyese lamulo lija. Chuma ndi K15,500 ya ndalama, K3,000 ya kwa ogula, ndi zipangizo za K2,400 kuchotsapo K200: zonse K20,700. Ngongole ndi K4,500. Za mwini ndi K14,000 kuphatikiza phindu la K5,300 kuchotsapo K3,100, zimene ndi K16,200. Ngongole ndi za mwini pamodzi ndi K20,700. Mbali ziwirizi zafanana, ndipo mlimi akudziwa chochita. M'khola mulibe vuto. Chofunika ndi kutsatira K3,000 ija asanaitanitse anapiye ena, ndi kuika malire pa zimene pakhomo pamatenga, chifukwa gulu lachiwiri lifunanso K15,000.

Zinthu zimene zimasochera banja

Zolakwa zambiri m'mabuku a alimi zimachokera pa kuika chinthu m'banja losayenera. Ndalama zikalowa m'manja timafulumira kuzitcha zolowa, zikatuluka timazitcha zotuluka, koma si nthawi zonse pamene zili choncho.

Ngongole si cholowa. K6,000 ya ku gulu italembedwa m'banja 4, phindu likanaoneka K11,300, ndipo mwini akanadya ndalama za eni ake. Pobweza, gawani malipirowo pawiri: gawo lochepetsa ngongole lipite ku 220, chiwongoladzanja chokha chipite ku 650. Amene wagwa m'manja mwa kaloba atsegule akaunti yakeyake, 225, kuti aone poyera kukula kwa ngongoleyo ndi zimene chiwongoladzanja chake chikudya.

Chilimba nachonso chimasokoneza ambiri. Ndalama zimene mumasonkha sizinawonongeke, ndipo zimene mumalandira ikafika nthawi yanu si malonda. Ngati mukusonkha kuchokera m'bokosi la bizinesi ndi cholinga chakuti zidzabwerere m'bizinesi, tsegulani 135 m'banja la chuma; zimalowa pamenepo posonkha n'kuchokapo polandira. Ngati chilimbacho ndi cha zofuna za pakhomo, zosonkhazo zipite ku 320.

Kusuntha ndalama pakati pa foni ndi bokosi si malonda. Mukatapa K1,000 pa Airtel Money kapena MTN, yachokera ku 120 kupita ku 110, ndipo ndalama yodulidwa potapa ndiyo yokha imene ipite ku 640. Amene amalemba cholowa pamene wogula watumiza, n'kulembanso pamene watapa, amawerenga malonda amodzi kawiri. Ngati n'kotheka, khalani ndi nambala ya foni ya bizinesi yokha. Achibale akamatumiza ndalama pa nambala yomweyo, akaunti 120 sidzafanana ndi zimene foni ikusonyeza.

Wogula akalipiriratu nkhuku za pa Khirisimasi mwezi wa Novembala, ndalamazo sizinakhale zanu. Muli ndi ngongole ya nkhuku kwa iye. Tsegulani 240, Zolipiridwiratu ndi ogula, ndipo muzisunthire ku 411 tsiku limene watenga nkhuku zake.

Chipangizo chokhalitsa chipite ku 160, osati ku banja 5 kapena 6. Mukalemba K2,400 yonse monga chotuluka cha gulu loyamba, gululo lidzaoneka lopindula pang'ono kuposa mmene lilili ndipo magulu otsatira adzaoneka onenepa kuposa mmene alili. Dziikireni malire olembedwa: mwachitsanzo, chinthu chopitirira K300 chimene chikhala kupitirira chaka chipite ku 160, chocheperapo chipite ku 690. Malirewo mungasankhe nokha, koma musamawasinthe mwezi ndi mwezi.

Pomaliza, za pakhomo zonse zili ndi khomo limodzi, 320. Thumba la makala limene theka lake linafunditsa anapiye ndipo theka linaphika nyemba ligawidwe pakati pa 514 ndi 320. Chakhumi ndi zopereka za ku mpingo zimatuluka m'phindu la mwini, kotero nazonso zimapita ku 320. Ndipo mndandanda womwewu ndiwo umakuuzani phindu limene mukuwerengerapo chakhumicho.

Kuchuluka kwa maakaunti

Pali maenje awiri. Loyamba ndi kukhala ndi maakaunti ochepa, kotero kuti 690 imameza zonse. Mungadziwe kuti mwagwamo poyerekeza 690 ndi zotuluka zonse. Ikapitirira gawo limodzi mwa magawo 20, iwerengeni mzere ndi mzere. Mudzapezamo chinthu chimene chikubwerezedwa, monga mankhwala otsukira khola, chimene chayenera nambala yakeyake.

Lachiwiri ndi kukhala ndi maakaunti ochuluka. Ena amatsegula akaunti ya wogula aliyense, ndipo m'miyezi itatu mndandanda wafika masamba anayi. Mayina a ogula asalowe mu mndandanda. Akhale m'kabuku ka ngongole, wogula aliyense pa tsamba lake, ndipo 140 isunge chiwerengero cha onse pamodzi. Chimodzimodzi magulu a nkhuku: gulu la Januwale ndi la Marichi safuna manambala osiyana. Lembani nambala ya gulu pambali pa mzere uliwonse, n'kuwonkhetsa pa gulu. Sitata, gulowa ndi finisha zikhale pamodzi mu 512. Chiwerengero cha matumba a mtundu uliwonse chili pa khadi la khola.

Bizinesi ikakula

Patapita chaka, mlimi wathu wapeza kamalo kolimapo repu ndi tomato. Safunika buku latsopano kapena manambala atsopano a nkhuku. Nthambi ya ndiwo zamasamba itenga 2 pa malo achiwiri: 421 kugulitsa repu, 422 kugulitsa tomato, 521 mbewu, 522 feteleza, 523 mankhwala opopera. Akadzayamba nkhuku za mazira, zitenga 43 ndi 53. Chotsala cha nthambi iliyonse chimapezeka pochotsa 52 pa 42, kapena 53 pa 43, ndipo banja 6 limakhalabe la onse. Manyowa amene achoka m'khola kupita kudimba alembedwe kuchokera ku 412 kupita ku 522 pa mtengo wa kumsika. Kupanda kutero dimba lidzaoneka lopindula ndi thukuta la nkhuku.

Nambala ikaperekedwa isapatsidwenso chinthu china. Mlimi akasiya makala n'kuyamba kufunditsa ndi magetsi, 514 itsekedwe ndi mzere, ndipo chinthu chatsopano chitenge 516. Makala angabwererenso, monga anabwerera m'makola ambiri mu 2024 pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Nambala ikakhala ndi matanthauzo awiri, simungayerekeze chaka chino ndi chatha.

Mndandanda umakonzekeretsanso bizinesi kukumana ndi boma. Mukalembetsa dzina la bizinesi ku PACRA n'kutenga TPIN ku ZRA, mudzafunsidwa za malonda anu. Msonkho umene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amalipira umawerengedwa pa malonda onse, osati pa phindu, ndiye chifukwa chake banja 4 liyenera kukhala loyera, lopanda ngongole, chilimba kapena ndalama zongosuntha. Mukalemba wantchito, malipiro ake apita ku 680, ndipo zopereka za ku NAPSA ndi ku NHIMA zimene mwadula pa malipirowo, pamodzi ndi gawo lanu la olemba ntchito, zikhale mu 230 mpaka tsiku limene mwakazipereka. Ndalama zimenezo zili m'bokosi lanu koma si zanu.

Kuyesa buku pakutha kwa mwezi

Mayeso anayi amakwanira, ndipo satenga ola. Werengani ndalama za m'bokosi n'kuyerekeza ndi 110. Onani zotsala pa foni n'kuyerekeza ndi 120. Wonkhetsani masamba a m'kabuku ka ngongole n'kuyerekeza ndi 140. Kenaka yesani lamulo la mabanja atatu. Ngati bokosi lili ndi zochepa kuposa 110, kawirikawiri pali chotengedwa cha pakhomo chimene sichinalembedwe. Ngati kabuku ka ngongole kali ndi zochepa kuposa 140, wina analipira ndipo ndalama zake zinalembedwa monga malonda atsopano.

Chenjezo limodzi likhudza 150. M'chitsanzo chathu inali yopanda kanthu chifukwa nkhuku zonse zinatha ndipo chakudya chinatha. Koma chaka chikatha gulu lili pakati, kapena matumba atatu a finisha atsala, werengani zotsalazo pa mtengo umene munagulira, muzichotse m'banja 5 n'kuziika ku 150. Nyengo yatsopano ikayamba, zibwerere m'banja 5. Kupanda kutero, nyengo imodzi idzasenza katundu wa inzake.

Mndandanda uli ndi malire ake. Sukuuzani chifukwa chimene nkhuku zinafera, kapena ngati utuchi unanyowa ndi madzi a mvula amene amadzaza m'makomboni m'dzinja. Zimenezo zili pa khadi la khola. Koma umakuuzani tsamba loyenera kuyang'ana. Ndalama za 512 pa nkhuku imodzi zikakwera pamene mtengo wa thumba sunasinthe, pitani mukaone kutalika kwa zodyera ndi mauna a makoswe.

Ntchito yoti muchite

Tengani buku lanu la mwezi wathawu, kapena malisiti amene muli nawo. Lembani mafunso anu asanu, kenaka mndandanda wanu pa tsamba limodzi, wosapitirira maakaunti 35. Patsani mzere uliwonse wa mwezi wathawu manambala awiri. Mizere imene yakukanikani muilembe padera, chifukwa ndiyo ikusonyeza akaunti imene ikusowa kapena chinthu chimene si cha bizinesi.

Pomaliza yankhani izi. Mlimi wathu watenga matumba 4 a finisha pa ngongole kwa wogulitsa, pa K600 thumba limodzi: zachokera ku nambala iti, zapita ku iti? Mayi wa pamsika walipira K1,800 pa foni: kodi phindu la gulu loyamba lasintha? Mlimi wapereka nkhuku ziwiri pamaliro a mnansi: zipite kuti? Ophunzira amene ali pano abweretse mayankho ndi mindandanda yawo ku kalasi ya zowerengera. Amene munamaliza kale, tidzaiona pamodzi tikabwera kudzaona makola anu.